Mphete za Newton: pakati pakuwala, R akusinthasintha, vuto lili pati?

“Akulu, ku labu tinapanga zija za mphete za Newton ndi nyale ya sodiyamu. Buku likuti pakati pazikhala pakuda koma pathu pamawala. Mphete yakuda ya nambala 5 dayamita yake ndi 3.28 mm, ya nambala 15 ndi 5.86 mm, ndikaika mu D² = 4nλR ina ikupereka R wa 913 mm, inayo 971 mm. Lenzi ndi imodzi yomweyo. Ndilembe uti mu lipoti, kapena tingobwerezanso zonse?”

Achimwene, musalembe 913, musalembenso 971, ndipo kubwereza sikofunika ayi, manambala anuwo ndi abwinobwino. Lenzi yanu R wake, ndiye kuti rediyasi ya kutumphuka kwake, ndi pafupifupi 1000 mm, ndipo kuwala kwa pakatiko ndi kusiyana kwa ma R awiriwo gwero lake ndi limodzi: lenzi sinakhudze galasi bwinobwino, pali kanthu kakang'ono kamene kaitukula. Tiyeni tione mmene zikukhalira.

Lenzi ija mbali yake yotumphuka imagona pa galasi lathyathyathya, ndiye pakati pa ziwirizi pamatsala mpweya wopyapyala, umene pamalo okhudzana ndi ziro koma umanka nukhuthala mukamapita kunja. Kuwala kukabwera kuchokera pamwamba, kwina kumabwerera pansi pa lenzi pomwepo, kwina kumadutsa mpweyawo, kukagunda galasi la pansi kenako kubwerera, ndiye kwachiwiriku kwayenda mtunda woonjezera wa 2t, pamene t ndi kukhuthala kwa mpweya pamalo amenewo. Palinso china, kuwala kukamabwerera pa galasi kukuchokera mu mpweya funde lake limatembenuka, zimakhala ngati laonjezera theka la λ, amene ndi kutalika kwa fundelo, pomwe kobwerera pansi pa lenzi kuja sikutembenuka. Nchifukwa chake pamene t ndi ziro mafunde awiriwa amafafanizana nkukhala pakuda, ndiponso paliponse pamene 2t = nλ, n ali nambala yathunthu, pamakhala pakuda. Malo onse amene t ndi wofanana amazungulira pakati paja, basi mphete zija ndi zimenezo. Ndipo poti pa mtunda r kuchokera pakati t amakhala r²/2R, mukaphatikiza mumapeza D² = 4nλR imene mwagwiritsa ntchitoyo.

Fomulayi ili ndi chinthu chimodzi chimene imangochitenga ngati choona osanena, choti pakati penipeni t ndi ziro ndendende. Ku labu zimenezi sizichitikachitika. Kafumbi kosaoneka nkomwe ndi maso, kamafuta ka chala, kaulusi ka thonje lopukutira, kalikonse kamatukula lenzi ndi mulingo wina, tiutche t₀, ndiye mpweya paliponse wakhuthala ndi t₀ yemweyo. Fomula yoona imasanduka iyi:

D² = 4nλR − 8Rt₀

Taonani chidutswa chachiwiricho, mulibe n. Mphete iliyonse yachepetsedwa D² wake ndi mulingo wofanana, kaya ndi ya nambala 5 kaya ya nambala 15. Koma pa mphete yaying'ono chochotsedwacho ndi gawo lalikulu la D² yense, pa yaikulu ndi gawo lochepa, nchifukwa chake ya nambala 5 yakunamizani kwambiri ndi 913 ndipo ya nambala 15 yayandikirako ndi 971, mukanapitiriza mpaka ya nambala 30 mukanaona R akukwerabe pang'onopang'ono kulowera ku 1000 osafikako.

Ndiye chochita nchophweka, tengani mphete ziwiri muchotsere D² wa ina pa wa inzake, chidutswa cha t₀ chija chimafafanizika chokha:

R = (D₁₅² − D₅²) / (4 × 10 × λ)

Tiwerengetse ndi manambala anu omwewo. 5.86 kuchulukitsa ndi 5.86 ndi 34.34, ndipo 3.28 kuchulukitsa ndi 3.28 ndi 10.76, kusiyana kwake 23.58 mm². Nyale ya sodiyamu imatulutsa mizere iwiri yoyandikana, 589.0 nm ndi 589.6 nm, ndiye timatenga pakati pake 589.3 nm, amene mu mamilimita ndi 0.0005893, apa samalani chifukwa ambiri amasokoneza maziro nkupeza lenzi ya R wa kilomita. Pansi pakhala 40 kuchulukitsa ndi 0.0005893, ndiye 0.023572. Gawani 23.58 ndi 0.023572 mupeza 1000 mm, mita imodzi.

Chimene chimandisangalatsa pa manambala anuwa nchoti akufotokozanso kuwala kwa pakati kuja. Mphete iliyonse ikuonjezera 2.358 mm² pa D², ndiye lenzi ikanakhudza bwino ya nambala 5 ikanakhala 11.79, inu mwapeza 10.76, zaperewera 1.03. Ameneyo ndiye 8Rt₀, gawani ndi 8000 mupeza t₀ wa pafupifupi 130 nm. Pakati pamawala kwambiri t₀ akakhala kota ya λ, imene ndi 147 nm, ndiye 130 ali pafupi kwambiri pamenepo, mpake maso anu anaona kuwala. Kungoti musalembe kuti kafumbiko kukula kwake ndi 130 nm ndendende, chifukwa lenzi ikatukuka ndi theka lina la λ, cha m'ma 295 nm, mphete imodzi imangomira pakati nkusowa ndipo chithunzi chonse chimaonekanso chimodzimodzi. Ikhoza kukhala 130, ikhoza kukhala 425 kapena kuposa, inu simungadziwe, ndipo R sizimukhudza.

Apa pakutulukanso nkhani ina yabwino, nambala yeniyeni ya mphete sikofunika kuidziwa. Imene mukuitcha ya nambala 5 mwina kwenikweni ndi ya 6 kapena ya 8, zilibe kanthu, chofunika ndi choti pakati pa mphete ziwirizo pali masitepe 10 ndendende. Koma pamenepo ndiye osaphonya. Mukadumpha imodzi powerenga, masitepe nkukhala 11 inu mukulemba 10, R amalakwika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi ndipo palibe fomula ingakupulumutseni. Mphete za kunja zimathinana kwambiri, chifukwa D amakula ngati sikweya ruti ya n, ndiye cha ku nambala 15 uko diso likatopa kudumpha nkosavuta, werengani mokweza mnzanu azilemba.

Zikanatheka kuchitikanso mbali inayo. Ma labu ena lenzi imakhala mu chotengera cha masikuluu atatu, wina akamanga mwamphamvu galasi limaphwatalala pang'ono pamalo okhudzana, pakati pamakhala chidontho chakuda chachikulu, mphete zonse nkukula kuposa mmene ziyenera, ndiye R wa mphete imodzi imodzi amatuluka wamkulu kuposa weniweni ndipo amanka natsika mukamapita kunja. Mankhwala ake ndi omwewo, kuchotsera, koma muzipewa mphete zitatu kapena zinayi zoyamba chifukwa pafupi ndi pophwatalalapo galasi lapindika, fomula siigwira bwino, komanso mphete zimenezo ndi zonenepa, pakati pake nkovuta kulozapo. Inu munachita bwino kuyambira pa 5.

Tsono za kayezedwe, poti mu lipoti adzakufunsani kuti 1000 wanuyo mukumukhulupirira mpaka pati. Veniya ya maikulosikopu yoyendayenda nthawi zambiri imawerenga mpaka 0.01 mm. Mukaphonya 0.01 mm pa 5.86, D² amasintha ndi 0.12, pa 3.28 amasintha ndi 0.07, zikagwirizana kukupwetekani ndi 0.19 pa 23.58, osafika 1 peresenti. Ndiye kulemba R = 1.00 ± 0.01 m ndi chilungamo, kulemba 1000.4 mm ndi kudzinamiza. Apa mukuonanso chifukwa chake timatenga mphete zotalikirana, mukanatenga ya 5 ndi ya 6 kusiyana kukanangokhala 2.36 ndipo kaphonyedwe komweko kakanadya pafupifupi 6 peresenti.

Chimene chimaononga kwambiri kuposa veniya ndi kubwerera m'mbuyo ndi sikuluu ya maikulosikopu. Sikuluu ija imakhala ndi kampata, mukasintha kolowera imayamba yazungulira kaye pachabe. Ndiye pitirirani kaye kumanzere mpaka mphete ya 18 kapena 20, tembenukani, muzibwera mbali imodzi yokha, kuika kamzere ka m'maikulosikopu pakati pa mphete yakuda iliyonse nkulemba, kudutsa pakati, mpaka kukafika ya 15 ya kumanja osabwererako ngakhale kamodzi. Pali njira yachidule yodziyesera, phatikizani muyezo wa kumanzere ndi wa kumanja wa mphete iliyonse mugawe pawiri, zonse zizipereka malo amodzi. Mwachitsanzo ya 15 itakhala 24.31 ndi 18.45, ya 5 nkukhala 23.02 ndi 19.74, zonse ziwiri zikuloza 21.38, zili bwino. Mphete ina ikaloza kwina ndi 0.05 kapena kuposa, pamenepo munadumpha mphete mbali imodzi, kapena wina anagunda tebulo lenzi nkusuntha.

Ena amadandaula kuti kamzere kaja sikanadutse pakati penipeni pa mphete, kanadutsa chapambali pang'ono. Nazonso kuchotsera kumakonza, chifukwa mukadutsa pa mtunda d kuchokera pakati, sikweya ya chimene mwayeza imaperewera ndi 4d² pa mphete iliyonse mofanana, ndiye imapita limodzi ndi t₀ uja.

Ngati munalemba mphete zonse kuyambira 5 mpaka 15, ine ndingakonde mujambule gilafu, D² choimirira, n chogona. Mupeza mzere woongoka umene kupendekeka kwake ndi 4λR, cha m'ma 2.36, ndipo sudutsa pa ziro, udula pansi pake cha pa −1.03. Osaukakamiza kudutsa pa ziro chonde, ambiri amatero kuti zifanane ndi buku ndipo pamenepo ndi pamene amabweza cholakwika chimene anali atachithawa kale. Ubwino wa gilafu ndi woti mphete yodumphidwa imaonekera poyera, madontho amakwera sitepe mwadzidzidzi.

Chimodzi chokha chimene kuchotsera sikungakonze ndi galasi la pansi lokhalokhalo. Njira yonseyi ikudalira kuti ndi lathyathyathya, likakhala lopindika pang'ono mofanana mbali zonse mphete zimakhalabe zozungulira bwino, gilafu nkuongoka bwinobwino, koma R amene mwapeza ndi wa lenzi ndi galasi pamodzi, osati wa lenzi yokha. Likapindika mbali imodzi, kapena masikuluu akamangidwa mosiyana, mphete zimakhala ngati dzira, ndiye tembenuzani chotengeracho madigiri 90 muyezenso dayamita ya mphete imodzi muone ngati ikufanana. Kuti mutsimikize za kupindika kofanana kuja, yezani lenziyo mwa njira ina, lenzi ya mbali imodzi yathyathyathya ili ndi f = R/(μ − 1), pamene f ndi mtunda umene imasonkhanitsirapo kuwala ndipo μ ndi mulingo wa mmene galasi limakhotetsera kuwala, pa galasi wamba μ ndi pafupifupi 1.5, ndiye yanuyi iyenera kusonkhanitsa kuwala kochokera kutali pa mtunda wa mamita awiri kapena kuchepera pang'ono. Mukapeza chithunzi cha zenera lakutali chikuoneka bwino pa pepala cha pamenepo, lembani 1.00 m wanu, ndipo t₀ ujanso mumuike mu lipoti pofotokoza chifukwa chake pakati panawala.