Katundu wa ku China wachedwa: ndimulembere chiyani wondigulitsa?

"Ndinaitanitsa makatoni 50 a nyale za sola ku Yiwu ndipo dipoziti ndinalipira pa 20 February. Tinagwirizana kuti katundu akwere sitima pofika pa 15 March, koma mpaka lero zii. Ndikafunsa pa WeChat amangoyankha kuti wanyamuka kale. Ndikufuna kulemba imelo yaulemu m'Chitchaina kuti abwana ake aione. Ndilembe chiyani?" Mayi wa ku Limbe

Mayi, funso lakuti "katundu wanga ali kuti" lisiyeni, chifukwa yankho lake n'losavuta kuzemba. Akalemba kuti 已发货 nthawi zambiri amatanthauza kuti katundu watuluka m'fakitale. Akhoza kukhala ali m'nyumba yosungira katundu ya ajenti, osafika n'komwe padoko la Ningbo. Chomwe mukufuna kudziwa n'chakuti wakwera sitima kapena ayi, ndipo umboni wake ndi manambala. Imelo yanu ipemphe manambalawo, iike ndi tsiku loti akhale atayankha.

Tiyerekeze kuti bwanayo ndi a Wang, ndipo nambala ya invoisi yanu ndi PI-0412. Mulembe motere:

```
主题:关于订单 PI-0412 装船进度的询问

尊敬的王经理:
您好!
我司订购的50箱太阳能灯(订单号 PI-0412)约定于3月15日前装船,定金已于2月20日支付,但至今未收到装船通知。
如已装船,烦请提供提单号、柜号、船名航次及预计到港日期。
如尚未装船,请说明原因并告知新的装船日期。
烦请于4月3日前回复,谢谢。
顺祝商祺!
```

Pansi pake mulembe dzina lanu, la bizinesi yanu ndi nambala ya foni.

Mzere wa moni ukuti "olemekezeka a manijala a Wang". Ku China dzina la banja limayamba, udindo n'kubwera pambuyo, choncho onani bwino pa invoisi kuti musamutchule munthu ndi dzina lake lomwe si la banja. Chilembo cha 您 ndi "inu" waulemu. Mukamasulira ndi makina nthawi zina chimatuluka 你, chomwe ndi "iwe", ndiye muonetsetse musanatumize. Ndime yotsatira ikungokumbutsa zomwe munagwirizana: makatoni 50, tsiku lokwezera katundu, tsiku lomwe munalipira, ndi kuti chidziwitso simunalandire. Madeti alembedwa mwezi poyamba, tsiku pambuyo. Mulibe mawu odzudzula, ndipo ndachita dala. Munthu amene mwamuyalutsa pamaso pa abwana ake amatanganidwa ndi kudziteteza, osati ndi katundu wanu. Mzere womaliza ndi mafuno abwino a pamalonda, omwe ndi chizolowezi potseka kalata yotere.

Mtima wa imeloyi ndi mizere iwiri ya pakati. Woyamba ukuti ngati katundu wakwera, atumize nambala ya B/L, chikalata chomwe kampani ya sitima imapereka ikalandira katundu, nambala ya kontena, dzina la sitima ndi ulendo wake, komanso tsiku lomwe ikuyembekezeka padoko, kaya ndi Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Wachiwiri ukuti ngati sanakwere, anene chifukwa ndi tsiku latsopano. Mwatseka njira zonse ziwiri.

Yankho likabwera, liyeseni. Nambala ya kontena imakhala ndi zilembo 4 ndi manambala 7. Ilembeni pa tsamba la kampani ya sitimayo, ndipo muona doko lomwe kontenayo inanyamukira ndi tsiku lake. Akakutumizirani chithunzi cha makatoni ali pansi, kapena nambala ya lole yonyamula katundu m'kati mwa China, dziwani kuti katundu akadali kumtunda. Akalemba 请放心, kutanthauza "musadandaule", popanda nambala iliyonse, sanakuyankheni.

Pali china choti muganizire. Makatoni 50 sadzaza kontena, choncho n'kutheka kuti katundu wanu akuphatikizidwa ndi wa anthu ena. Zikatero amadikira kuti kontena idzaze, ndipo amene akudziwa tsiku ndi ajenti wonyamula katundu. Ngati ajentiyo munamupeza nokha, wogulitsa ntchito yake inatha atasiya katundu kunyumba yosungirako. Mumupemphe wogulitsayo lisiti yosonyeza kuti katunduyo analandiridwa, kenaka mafunso onse a sitima muwapititse kwa ajenti.

China ili patsogolo pathu ndi maola 6. Mukatumiza imelo masana kuno, iwo aweruka kale, ndiye itumizeni usiku kuti aipeze m'mawa, kenaka muwakodole pa WeChat kuti aione. Musaike tsiku loyankhira m'kati mwa tchuthi cha chaka chawo chatsopano, chomwe chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February, kapena sabata yoyamba ya October.

Tsiku la 3 April, lomwe imeloyo yawapatsa kuti akhale atayankha, likadutsa popanda manambala, tumizani imelo yachiwiri pamwamba pa yoyambayo, mutchule zomwe mgwirizano wanu ukunena pa kuchedwa. Ndalama yotsala musailipire mpaka mutaona kope la B/L, pokhapokha ngati munasainirana kuti mudzamaliza kulipira katundu asanatuluke m'fakitale. Ngati munagula ndi kulipira kudzera pa Alibaba pansi pa Trade Assurance, ndondomeko yawo yoteteza ogula, tsegulani dandaulo nthawi yake isanathe, ndipo muikepo maimelo awiriwa ngati umboni.