Kukweza mtengo osataya makasitomala

"Ndimagulitsa makeke pa intaneti ndipo ndiyenera kukweza mtengo. Ndilembe chiyani pansi pa chithunzi kuti makasitomala anga akale asathawe?"

Achemwali, chimene chimapweteka kasitomala wokhulupirika ndi kudzidzimutsidwa. Munthu waitanitsa kale keke, kenaka n'kumva mtengo wina pa nthawi yolipira, ameneyo sabweranso. Choncho lengezani kudakali milungu iwiri, ndipo tsiku lenilenilo lilembedwe.

Ine nditakweza, ndinalemba motere: "Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, keke yaing'ono ikwera mtengo. Batala ndi mazira zadula, ndipo sindikufuna kuchepetsa zimene ndimathiramo. Amene mwaitanitsa kale mulipira mtengo wakale." Pansi pake ndinaika mtengo wakale ndi watsopano moyandikana, kuti wina asachite kufunsa kumbali.

Chifukwa chikhale chimodzi, choona. Mukanena kuti zonse zadula, anthu amaona ngati mukuzemba. Kupepesa kambirimbiri nakonso ndimakukana, chifukwa kumapatsa anthu maganizo oti mtengowo ndi wokambirana, ndiye amayamba kunenerera.

Wina akadandaula poyera, muyankheni mofatsa kamodzi kokha, ndipo musafufute zimene walemba. Enawo akuwerenga mwakachetechete.