Kodi chimbuuzi cha f/16 chingachoke pakompyuta?

"Ndimajambula maluwa ndi tizilombo pafupi kwambiri, kamera yanga ndi ya APS-C ya mamegapikiselo 24. Ndimaika f/16 kuti zonse zilowe m'fokasi, koma chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. Ndikachinola chimangochita mizere yoyera m'mphepete. Kodi lenzi yanga ndi yakutha?"

Achimwene, lenziyo musaigulitse. Funso lanu landikhudza chifukwa ndaonapo anthu akutaya ndalama pa lenzi yatsopano, vuto lili pa kabowo kolowera kuwala. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kumamwazika, ndipo kadontho kamodzi kamafika pa sensa katasanduka kabwalo. Imeneyi ndiye difirakishoni. Kukula kwa kabwaloko timakupeza chonchi:

```
d = 2.44 × λ × N
```

Apa d ndi m'lifupi mwa kabwalo, λ ndi utali wa funde la kuwala, N ndi nambala ya f. Funde la kuwala kobiriwira ndi mamayikiromita 0.55, ndiye pa f/16 kabwaloko ndi pafupifupi mamayikiromita 21. Pikiselo ya kamera yanu ndi pafupifupi 3.9. Choncho kadontho kamodzi kakuphimba mapikiselo oposa asanu m'lifupi mwake, ndipo lenzi yodula bwanji singazembe zimenezi. Komanso mukamajambula pafupi kwambiri, chinthu chikukula pa sensa mmene chilili, f/16 imagwira ntchito ngati f/32.

Ine ndinayamba kujambula timinga ta pa miyendo ya ziwala ndi mamba a mapiko a agulugufe. Pa phiko la gulugufe, mamba amandandalikana ngati matailosi a denga, lililonse ndi mphepete mwake. Pa f/8 ndinkatha kuwawerenga. Pa f/16 mtundu unalipo, mizere ikuluikulu inalipo, koma mambawo anali atasungunukirana. Tsiku limene ndinaona dikonvolushoni, njira ya masamu yobweza kuwala komwazika, ikuwabweza pakompyuta, ndinakhala nthawi yaitali ndikuyatsa ndi kuzimitsa batani lake. Sanali mamba opeka, anali omwewo amene ndinawaona ndi maso.

Ndipo apa ndilankhula mosabisa: kunola kwa Unsharp Mask si mankhwala a vuto limeneli, ndipo zimandipweteka kuti ambiri amaphunzitsidwa kumeneko poyamba. Iko kumangowalitsa mbali yowala ya mphepete n'kudetsa mbali yakuda, n'chifukwa chake mukuona mizere yoyera. Dikonvolushoni ndi ina. Imayamba ndi kuyerekeza mmene kadontho kanamwazikira, kenako imapanga chithunzi chongoyesera, n'kuchimwaza mofananamo, n'kuyerekeza ndi chimene kamera inajambula. Pamene zasiyana imakonza, n'kubwerezanso. Njira yotchuka ndi ya Richardson ndi Lucy, ya mu 1972 ndi 1974. Akatswiri a zakuthambo anaigwiritsa ntchito pa zithunzi za telesikopu ya Hubble, galasi lake litapezeka ndi vuto mu 1990. Koma onani, anapitabe kukaikonza mu 1993. Masamu anathandiza, sanalowe m'malo mwa kuwala kofika bwino.

Chifukwa chake n'chakuti pali malire. Pa f/16, tinthu tothinana kuposa mizere iwiriiwiri pafupifupi 114 pa milimita sitidutsa n'komwe pa lenzi. Pa f/22 malirewo amatsikira ku 83. Chomwe chafooka chimadzutsidwa, chomwe sichinafike pa sensa palibe pulogalamu ingachibweze. Amene amakuuzani kuti jambulani pa f/32 mukakonza pambuyo akukunamizani. Ndipo chinthu chimene chili kunja kwa fokasi, kapena chimene chagwedezeka ndi mphepo, chimamwazika mwa mtundu wina, kabwalo kathu kaja sikagwirizana nacho.

Zochita pa fayilo yanu

Mu pulogalamu ya RawTherapee pitani pa Raw, muyatse Capture Sharpening, yomwe ndi dikonvolushoni ija. Imagwira ntchito mitundu ikangolumikizidwa kuchokera pa sensa, kuwala kusanapindidwe ndi makevu, ndipo ndi pamene masamuwa amayenda bwino. Pa JPEG mwachedwa kale. Kuzani chithunzi kufika pa 100%, muzimitse kunola kwina konse.

Chachikulu ndi Radius. Musaike 5 poganizira mapikiselo asanu aja, nambalayi imayeza mwa njira ina, ndipo pa f/16 imakhala cha m'ma 1. Yambani ndi imene pulogalamu yasankha yokha, muzikweza pang'onopang'ono mukuyang'ana katsitsi kakuda komwe kumbuyo kwake kukuwala. Kakayamba kuchita mzere woyera m'mbali, mwapyola, bwererani. Iterations isiyeni pa 20, mukaichulukitsa timadontho ta ISO timasanduka timphutsi. Mukaona timphutsito pamalo osalala a kumbuyo, kwezani Contrast threshold mpaka patakhala bata. Ngati lenzi imafooka m'makona, Corner radius boost ndi ya zimenezo.

Ulendo wina jambulani pa f/8, zithunzi zingapo mukusuntha fokasi pang'onopang'ono, mudzaziphatikize. Kachilombo kakakhala koti sikakhazikika, ikani f/11 ndi fulashi kuti ISO ikhale pansi, chifukwa fayilo yopanda timadontho ndi imene imapirira dikonvolushoni.