Kampata ka patsogolo pa mfunsiro mu imelo ya Chifalansa

"Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe ndipo chaka chino ndayamba kulemberana maimelo m'Chifalansa ndi anzathu a ku Lyon komanso mayi wina wa ku Montréal. A ku Lyon amasiya mpata asanalembe ? kapena !, pomwe mayi wa ku Montréal sasiya. Wolondola ndani? Ndinayesa kutsanzira a ku Lyon koma pafoni mfunsiro unagwera pamzere wawokha. Komanso timivi « » iti ndikatipeza kuti pa kiyibodi yanga?"

Achemwali, onse awiriwo akulemba monga anaphunzirira kwawo, ndipo palibe amene mungamuseke. Ku Falansi, komwe kuli Lyon, chizindikiro chilichonse chopangidwa ndi tizidutswa tiwiri chimafuna mpata kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zilipo zinayi: madontho awiri (:), dontho lokhala pamwamba pa mpatuliro (;), mfuwuliro (!) ndi mfunsiro (?). Tayang'anitsitsani mfunsiro, muona kuti uli ndi ngowe pamwamba ndi dontho pansi, ndiye tizidutswa tiwiri timeneto. Mpumiro ndi mpatuliro, popeza n'zachidutswa chimodzi, zimamatirira ku liwu monga tichitira m'Chichewa, mpata n'kubwera pambuyo pokha. Madontho atatu osonyeza kuti mawu sanathe nawonso amamatirira ku liwu.

Ku Québec, chigawo cha dziko la Canada komwe kuli Montréal, bungwe la boma loyang'anira chiyankhulochi, Office québécois de la langue française, limalola kuti ; ! ndi ? zimatirire ku liwu popanda mpata ngati mulibe njira yoikira kampata kopyapyala, koma patsogolo pa madontho awiri mpata umakhalapo ndithu. Mukawerenganso maimelo a mayi aja mupeza kuti amalemba "Merci!" chomatiza, koma akafika pa madontho awiri amasiya mpata. Ine ndimatsata mwambo wa amene ndikumulembera. Imelo ikamapita kwa onse awiri ndimatsata wa ku Falansi, chifukwa munthu wa ku Québec anazolowera kuuwona m'mabuku, pomwe wa ku Lyon akaona mfunsiro womatirira amangoganiza kuti mwalemba mothamanga. Chosayenera n'kusakaniza mu imelo imodzi, apa mpata apa ayi.

Tsono tifike pa mfunsiro wanu uja unathawira pamzere wawokha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mpata umene Afalansa amaika si uja timaupeza tikadina batani lalitali la pansi pa kiyibodi. Mpata wa batani lalitali umauza kompyuta kuti pano ukhoza kudula mzere ngati malo atha. Pa kompyuta yanu mzere unali wautali, chiganizo chonse chinakwana. Pafoni mzere ndi waufupi, liwu lomaliza linafika kumapeto kwenikweni, foni inaona mpata, n'kudula pomwepo, mfunsiro n'kukakhala wokha pansi ngati mwana wotsalira pa depoti. Mpata woyenera ndi wina umene ine ndimautcha mpata womata. M'maso umaoneka chimodzimodzi, koma umamangirira chizindikiro ku liwu lake kuti zikasamuka zisamukire limodzi.

Mipata yomata ilipo iwiri. Wina ndi waukulu ngati mpata wamba, nambala yake mu Unicode, mndandanda wa zilembo zonse za pa kompyuta, ndi `U+00A0`. Wina ndi wopyapyala, nambala yake `U+202F`. Osindikiza mabuku ku Falansi, potsata malamulo a Imprimerie nationale, bungwe la boma losindikiza, amaika wopyapyala patsogolo pa ; ! ndi ?, koma waukulu patsogolo pa madontho awiri ndi m'kati mwa timivi tija. Mu imelo musadzivutitse nazo. Gwiritsani waukuluwo paliponse. Wopyapyala uja mitundu ina yakale ya zilembo ilibe, ndiye kwa wolandirayo umatha kuoneka ngati kabokosi kopanda kanthu kapena kusowa kumene, inu osadziwa. Ngakhale Word yomwe, mukaiika pa Chifalansa, imaika waukuluwo, ndipo Afalansa ambirimbiri amatumiza makalata otero tsiku ndi tsiku popanda wodandaula.

Timivi « » ndiye mitengero yawo, eni ake amati giyeme. Ntchito yake ndi yomwe ija ya mitengero yathu: kutchinga mawu a munthu wina, dzina la fayilo, kapena liwu lomwe mukulikamba. Mpata womata umakhala m'kati, pambuyo pa kotsegulira ndi patsogolo pa kotsekera, ndipo kunja kumakhala mpata wamba. Chifukwa chake n'chomwe chija: kotsegulira kasatsale kokha kumapeto a mzere, kotsekera kasayambe mzere watsopano. Ngati m'kati mwa mawu otchingidwa muli mawu enanso ofuna kutchinga, ambiri amagwiritsa mitengero yopindika “ ” ndipo imeneyo simafuna mpata m'kati.

Tiyeni titenge imelo yonga yomwe mumalemba kumapeto a mwezi. Mipata yomata sioneka, choncho pomwe ndaika ~ dziwani kuti pali mpata womata. Mu imelo yeniyeni simulemba ~ ayi.

```
Objet~: Rapport de mars

Bonjour Madame,
Avez-vous reçu le fichier «~Budget mars~»~?
Il manque deux pièces~: la facture et le reçu.
La réunion est à 14~h~30~; voici le lien~: https://example.org
Merci beaucoup~!
```

Pa moni palibe chachilendo, mpatuliro wamatirira ku "Madame". Mzere wotsatira ndi umene umasokoneza anthu, chifukwa pakumana zizindikiro ziwiri. Kamuvi kotsekera kali ndi mpata wake kutsogolo, ndipo mfunsiro ulinso ndi wake, motero mipata yomata ikhala iwiri motsatizana ndi kamuvi pakati. Mfunsiro uli kunja chifukwa funsolo ndi lanu, si dzina la fayilo limene likufunsa. Zikanakhala kuti mukubwereza funso la munthu wina lathunthu, mfunsiro ukanalowa m'kati ndipo simukanaonjezanso mpumiro kunja:

```
Elle a demandé~: «~Quand arrive le rapport~?~»
```

Bwererani ku imelo ija muone mzere wa msonkhano. Nthawi sindinailembe 14:30. M'kalata Afalansa amalemba 14 h 30, mipata yomata mbali zonse za h. Mukalemba 14:30, monga zilili pa sikirini ya foni kapena pa tikiti, madontho awiriwo salandira mpata, chifukwa pamenepo sakulekanitsa chiganizo. Chimodzimodzi pa adiresi ya pa intaneti: madontho awiri a pambuyo pa "lien" ali ndi mpata, koma a mu `https://` mukangowaikira mpata adiresiyo yafa, wolandira adina osatseguka. Nako ka `Re:` kapena `RE:` komwe pulogalamu ya imelo imadziikira yokha pamutu mukamayankha, kasiyeni momwe kalili.

Kapezedwe kake pa kiyibodi kamatengera komwe mukulembera. Makiyibodi athu ambiri ndi a QWERTY ndipo alibe batani la timivi. Musadzimvere chisoni, kiyibodi ya AZERTY yomwe Afalansa ambiri ali nayo pa Windows ilibenso. Mpaka mu 2019 ndi pomwe bungwe lawo la miyezo, AFNOR, linatulutsa kakonzedwe katsopano kokhala ndi timiviti. Pa Windows mumagwira `Alt` osasiya, n'kulemba nambala kumabatani a manambala a kudzanja lamanja:

```
Alt+0171   «
Alt+0187   »
Alt+0160   mpata womata
```

Manambala a mzere wa pamwamba pa zilembo sagwira ntchito imeneyi, ndipo `Num Lock` ikhale yoyaka. Ngati laputopu yanu ilibe mabatani a kumanjawo, onjezani kiyibodi ya `United States-International` mu Windows. Zilembo zimakhala pamalo pomwe munazizolowera, koma `Alt` ya kumanja pamodzi ndi `[` imapereka «, ndipo pamodzi ndi `]` imapereka ». Phindu lina n'lakuti é ndi ç zimalembekanso mosavuta. Pa Mac ya kiyibodi ya Chingerezi, `Option+\` ndi «, `Option+Shift+\` ndi », `Option+Space` ndi mpata womata. Pafoni, gwirani batani la mitengero kwa kanthawi, timivi tituluka kuti musankhe.

Njira yosatopetsa ndi kulola Word igwire ntchitoyo. Sankhani mawu onse, ikani chiyankhulo pa `French (France)`, ndipo kuyambira pamenepo mukadina mitengero wamba ikusandutsirani timivi ndi mipata yake, mukadina ? ikuikirani mpata womata kutsogolo. Outlook yakale ya pa kompyuta imachitanso zomwezo chifukwa malo ake olembera ndi a Word. Gmail mu bulauza siichita, ndipo n'kutheka kuti ndi momwe munalembera imelo yanu ija. Ngati mukufuna kuuika nokha mu Word, ndi `Ctrl+Shift+Space`. Koma chenjerani, kusandutsaku kumachitika pomwe mukulemba pokha. Mukasintha chiyankhulo mutamaliza kale kulemba, zolembedwa kalezo zitsala momwe zinaliri. Ndipo mukaiwala kubwezera chiyankhulo, kalata yanu yotsatira ya Chichewa kapena Chingerezi idzadzala timivi. Ine zinandichitikira pa kalata yoitanira anthu ku ukwati wa mlongo wanga, ndinazindikira titasindikiza kale. Word ikakuikirani mpata pomwe simukuufuna, dinani `Ctrl+Z` nthawi yomweyo, ibweza kusinthako n'kusiya chizindikiro chomwe munalemba.

Popeza mpata wamba ndi womata imaoneka mofanana, mufunika njira yodziwira kuti mwaika uti. Mu Word dinani batani la ¶. Mpata wamba uoneka ngati kadontho pakati pa mawu, womata uoneka ngati kabwalo kakang'ono m'mwamba, kofanana ndi ka madigiri. Mu Gmail mulibe batani lotero, ndiye chepetsani zenera pang'onopang'ono ndi mbewa mukuyang'ana mzere wa funso. Ngati liwu lomaliza ndi mfunsiro zikutsikira limodzi, zili bwino. Ngati mfunsiro watsika wokha, mpatawo ndi wamba. Imelo ikakhala yofunika kwambiri, dzitumizireni nokha kaye muitsegule pafoni.

Pali malo amodzi pomwe mpata womata umaluma. Afalansa amauikanso m'manambala, monga 1 500,50 €, mpata m'malo mwa mpatuliro wathu wa masauzande ndi mpatuliro m'malo mwa dontho. Mukakopera nambala yotere kuchokera mu imelo ya ku Lyon n'kuimata mu Excel ya Chingerezi, Excel imaiona ngati mawu, imakhala kumanzere kwa kabokosi ndipo `SUM` imangoidumpha mwakachetechete. Manambala oterowo alembeninso pamanja. Chimodzimodzi dzina la fayilo kapena mawu achinsinsi amene akutumizirani m'kati mwa timivi: posankha kuti mukopere, yambirani pa chilembo choyamba n'kulekezera pa chomaliza, mipata ya m'mbaliyo muisiye.

Ngati muli pa kompyuta ya eni ake ndipo njira zonsezi zakanika, lembani funso lanu popanda mpata monga achitira mayi a ku Montréal, ndipo gwiritsani mitengero wamba " " yopanda mipata m'kati. Afalansa enieni akamalemba mothamanga amachita zomwezo. Kwa masiku ena onse, sungani imelo imodzi yosatumiza yokhala ndi mzere uwu wokha, « » : ; ! ?, mipata yomata itaikidwa kale, muzikopera kuchokera mmenemo.