Imelo yoyamba kwa banja lokakusunga ku France

"Anti, ndili ndi zaka 16, ndili Folomu 3, ndipo mu Seputembala ndikupita ku Rennes, ku France, pa pulogalamu yosinthana ana asukulu. Banja lokandisunga landitumizira chithunzi: bambo, mayi, mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga, ndi galu. Ndikufuna kuwalembera imelo yosonyeza chikondi, koma Chifulenchi changa n'choperewera. Ndiilemba m'Chingelezi kenako ndiimasulire pa foni. Ndilembemo zotani? Nkhumba sindidya, koma ndikuopa kuti ndikanena aona ngati ndine wovuta."

Mwana wanga, yamba ndi chithunzi chomwecho. Mawu oti ndinu anthu abwino, Mulungu akudalitseni kwambiri, angathe kupita kwa banja lililonse, ndipo owerenga amadziwa zimenezo. Koma ukafunsa dzina la galu, aona kuti wayang'anadi chimene anatumiza. Galu wa kumeneko nthawi zambiri amakhala m'nyumba, ena mpaka pa sofa, choncho ngati umaopa agalu nenanso pompo, kuti asadzadabwe ukukwera pampando tsiku loyamba.

Imeloyo isapitirire mawu 200. Thokoza kuti avomera kukusunga, nena kuti ndiwe ndani ndi zimene umachita ukaweruka kusukulu, tchula za chakudya, za tsiku lofika, ndipo funsa funso limodzi kapena awiri. Chingelezi chake chikhale chopepuka ngati cholembera mwana wa Sitandade 5: chiganizo chimodzi, mfundo imodzi. Miyambi, nthabwala ndi mawu odula a pa foni, zonse zisiye. Zimenezi ndi zomwe zimatuluka zopanda mutu zikamasuliridwa.

Vuto lalikulu ndi loti Chingelezi chimabisa zinthu zimene Chifulenchi chimafuna zioneke, ndiye womasulira amangolota. Chinthu choyamba ndi ulemu. Achifulenchi amasiyanitsa iwe ndi inu monga momwe ife timachitira: *tu* ndi iwe, *vous* ndi inu, ndipo *vous* yemweyo ndi wa anthu ambiri pamodzi. Chingelezi chili ndi liwu limodzi basi, choncho foni ikhoza kuyamba ndi inu n'kusintha pakati osakuuza. Ukamasulira, fufuza mzere ndi mzere timawu iti: *tu, te, toi, ton, ta, tes*. Kalikonse kakapezeka m'kalata ya makolo, ndiye kuti wawatchula kuti iwe. Iwowo akamakuyankha adzagwiritsa ntchito *tu* chifukwa ndiwe mwana, koma usatengere pomwepo. Khala pa *vous* mpaka akuuze okha kuti *tu peux nous tutoyer*, kutanthauza kuti ukhoza kuwatchula kuti iwe. Mtsikana mnzakoyo umulembere payekha mizere itatu, ndipo iyeyo ndiye wa *tu* kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri, Chifulenchi chimaonetsa ngati wolemba ndi mkazi kapena mwamuna. Mnyamata wokondwa amalemba *je suis content*, mtsikana *je suis contente*. Chimodzimodzi *ravi* ndi *ravie*, *heureux* ndi *heureuse*. Foni kawirikawiri imasankha zachimuna. Banjalo likudziwa kuti likuyembekeza mtsikana, sangasokonezeke kwenikweni, koma konza ndithu chifukwa ndi zinthu zoonekera msanga.

Kenako pali malo atatu pamene chikondi cha m'Chingelezi chimasanduka manyazi. Ana ambiri amalemba kuti *I am excited*, foni n'kupereka *je suis excitée*, mawu amene kwa munthu wamkulu angamveke ngati akunena za chilakolako cha kuchipinda. Chotsa, ulembe *J'ai hâte de vous rencontrer*, kutanthauza kuti ukuona kuchedwa kukumana nawo. Malo ena ndi moni. Kwathu kuno mayi a mnzako ndi amayi ako, ndipo kuwatchula choncho ndi ulemu, koma kumeneko *Maman* ndi *Papa* ndi makolo okubereka okha. Yamba ndi *Bonjour Madame, bonjour Monsieur,* kapena *Chère famille* n'kutsatiza dzina la banjalo. Malo otsiriza ndi potsekera. *Je vous aime*, kutanthauza kuti ndimakukondani, ndi mawu olemera kwambiri kwa anthu amene sunawaonepo, ndipo *bisous*, moni wa kupsompsona, ndi wa anthu ozolowerana. *À très bientôt* kapena *Bien amicalement* akwanira.

Za sukulu, Folomu 3 sangaimve. Nena zaka zako, ndipo liwu la sukulu yako likhale *lycée*, yomwe ndi ya ana a zaka 15 mpaka 18. Likatuluka *collège* ndiye kuti wadzibweza m'mbuyo, chifukwa imeneyo ndi ya ana a zaka 11 mpaka 15.

Tsopano za nkhumba. Unene, ndipo unene m'kalata yoyamba yomweyi. Wovuta ndi mlendo amene amakhala chete, mayi n'kuphika, iye n'kumakankhira nyama m'mphepete mwa mbale. Komanso Rennes ili m'chigawo cha Bretagne, kumene nkhumba imadyedwa kwambiri. Chakudya chotchuka mumzindawo ndi *galette-saucisse*, soseji ya nkhumba yokulungidwa m'chikondamoyo chopyapyala, ndipo n'kutheka ndithu kuti banjalo lakonza kale zokakugulira pa msika wa Loweruka wa Marché des Lices pofuna kukusangalatsa. Kungoti sindidya nkhumba sikokwana, chifukwa wophika amaganiza za nthuli yaikulu, n'kuiwala *jambon* wa m'sangweji ndi *lardons*, tizidutswa ta nkhumba timene amathira mu saladi, mu pasita ndi m'zophika zina. Zitchule mayina, kenako unene zimene umadya kuti asade nkhawa kuti akudyetsa chiyani:

*Je ne mange pas de porc, ni jambon ni lardons, mais je mange du poulet, du bœuf, du poisson et des œufs.*

Sukakamizidwa kufotokoza chifukwa chimene sudyera nkhumba. Ku France chipembedzo ambiri amachitenga ngati nkhani ya mwini, ndiye moni wodzaza madalitso si wofunika pano. Koma ngati udzafuna kupita kokapemphera sabata iliyonse, funsa mwachindunji ngati kuli malo apafupi. Ngati umavala mpango wa chipembedzo, funsa okonza ulendowu usananyamuke, popeza lamulo la 2004 limaletsa ophunzira kuvala zizindikiro zoonekera za chipembedzo m'sukulu za boma.

Za kufika, lemba dzina la mwezi m'mawu, ndipo nthawi ikhale ya maola 24 monga amalembera iwo: 14h30, osati hafu pasiti thu. Ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre siipita molunjika ku Paris, umasintha panjira, choncho uwapatse nambala ya ndege yomaliza, yotera pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris. Unenenso ngati ku Rennes ukafika pa sitima, ndipo ufunse amene adzakuchingamire. Ngati tikiti sinatuluke, ingonena kuti utumiza ikatuluka.

Pali mzere umodzi umene ana ambiri safuna kulemba, koma ine ndimauumirira. Imelo yomasuliridwa bwino imapangitsa banja kuganiza kuti Chifulenchi umachitha, ndiye pa siteshoni adzakulankhula mothamanga iwe uli kakasi. Auze zoona:

*J'ai écrit ce message en anglais, puis je l'ai traduit. Je parle encore peu français, merci de me parler lentement au début.*

Apa wanena kuti unalemba m'Chingelezi n'kumasulira, Chifulenchi umalankhula pang'ono, ndipo poyamba azikulankhula pang'onopang'ono. Ya Chingeleziyo uiike pansi pa ya Chifulenchi, kuti pamene pasokonekera mtsikanayo, yemwe amaphunzira Chingelezi kusukulu mosakayika, awathandize makolo ake kumva zimene umatanthauza.

Usanatumize, apatse aphunzitsi ako a Chifulenchi aiwerenge. Uwapemphe kuti akonze zolakwa zokha, asailembenso mwatsopano, chifukwa ena akagwira cholembera amaisandutsa kalata yopempha ntchito, yotsekera ndi *veuillez agréer* ndi mawu ena a mu ofesi amene mtsikana wa zaka 16 sangalembere banja lomwe akukagona m'nyumba mwawo.