Tokyo ili ndi anthu angati kwenikweni?

"Mndandanda wina ukuti Tokyo ili ndi anthu 37 miliyoni, wina 14 miliyoni. Akunama ndani? Nanga megasite imayambira pati?"

Palibe akunama, achimwene. Bungwe la United Nations limatcha mzinda megasite ukafika anthu 10 miliyoni, koma nkhani yagona pa malire. Mukawerenga okhala pansi pa boma la mzinda wa Tokyo mupeza pafupifupi 14 miliyoni. Mukaphatikiza Yokohama, Kawasaki ndi matauni ena amene nyumba zake zinalumikizana ndi Tokyo, mufika 37 miliyoni, monga lipoti la bungweli la 2018 linanenera. Zili ngati kuno: wogona ku Chilanga n'kumagwira ntchito mu Cairo Road, kalembera amamuika m'boma la Chilanga, osati Lusaka. Onaninso chaka cha chiwerengerocho, poti manambala ambiri ndi ongoyerekezera kuchokera pa kalembera wakale.