Moni wolembera munthu amene simunaonanepo

"Ndikufuna kulembera mayi wina amene amalemba anthu ntchito pa kampani ina, koma sitinaonanepo. Moni wamfupi ukuoneka ngati mwano, wautali ukuoneka ngati kunyengerera. Nditani?"

Mukamalonjera munthu pamaso, nkhope ndi mawu anu zimakuthandizani. Ngakhale munene mawu awiri okha, iye amaona kuti mwamwetulira ndipo mwatsitsa mawu. Polemba zonsezo palibe. Mayiwo akatsegula uthenga wanu adzakhala ndi mafunso awiri mumtima: ameneyu ndani, ndipo akufuna chiyani kwa ine? Ulemu wanu adzauyeza poona ngati mwawayankha msanga mafunsowo, osati powerenga kuchuluka kwa malonje.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chotumiza "Moni, muli bwanji?" basi, kenako n'kukhala phee kudikira yankho. Wolembayo amaona ngati wachita ulemu, koma wolandirayo amayamba kukayikira ngati si wakuba kapena wopempha ndalama, ndipo ambiri sayankha n'komwe. Moni wautali wofunsa za ana ndi a kunyumba ulinso ndi vuto lake: mukufunsa za banja limene simukulidziwa, ndipo munthu amamva kuti mwamuyandikira mopitirira.

Ineyo ndikanalemba chonchi: "Moni mayi. Ndikhulupirira muli bwino. Ndine wakutiwakuti, ndinaphunzira zowerengera ndalama. Adiresi yanu ndaipeza pa chidziwitso cha ntchito chimene munatulutsa sabata yatha. Ndimati ndifunse ngati mukulandirabe makalata ofunsira ntchitoyo. Zikomo kwambiri."

Taonani chiganizo chonena kumene mwapeza adiresi. Anthu ambiri amachisiya, chonsecho ndi chimene chimamasula mtima wa wowerenga. Akadziwa njira imene mwadzera, sakuonaninso ngati munthu wongotulukira. Taonaninso pempholo. Mukanalemba kuti "Ndikufuna mundiuze," mayiwo akanamva ngati mukuwatuma, pomwe "ndimati ndifunse" amawapatsa mpata woyankha pa nthawi yawo. Ngati dzina lawo mukulidziwa, liikeni pambuyo pa "mayi", ndipo muonetsetse kalembedwe kake, chifukwa dzina lolakwika limafufuta ulemu wonse wotsatirawo. Ngati simukudziwa kuti ndi bambo kapena mayi, musalote. Tchulani udindo wawo.

Zilembo zazikuluzikulu zokhazokha zimamveka ngati kukalipa, ndipo mawu odulidwa amene mumalemberana ndi anzanu amasonyeza kuti simunafune kumutayira nthawi munthuyo.

Yankho likabwera lalifupi, monga "Inde, tumizani," musafulumire kuganiza kuti mwawakhumudwitsa. Nthawi zambiri munthu amakhala watanganidwa. Chizindikiro chenicheni chakuti moni sunagwire ntchito ndi pamene akufunsani kuti "Ndinu ndani?" Pa uthenga wachiwiri mukhoza kufupikitsa malonje, koma musayambe ndinu kuchotsa "mayi" kapena kuwatchula dzina loyamba. Dikirani mpaka iwo atakuuzani okha kuti muziwaitana motero.